Ngongole zitatu, thumba limodzi: tiyambe ndi yaing'ono kapena yoluma kwambiri?

Pa msonkhano wa banki m'khonde yathu ku Ndirande mwezi watha panabuka mkangano umene unatichedwetsa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina anali ataona kavidiyo pa foni konena kuti munthu wa ngongole zambiri ayambe kumaliza yaing'ono. Bambo wina, amene anagwirako ntchito yowerengera ndalama, anati ayi, uko n'kutaya ndalama, muyambe ndi ya chiwongoladzanja chokwera. Ine ndimalemba mabuku a gululi, choncho onse anatembenukira kwa ine. Ndinalonjeza kuti ndikhala pansi ndiwerengetsere bwinobwino, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Njira ziwirizi si zachilendo. Mukafuna kuzifufuza pa foni, yoyamba mulembe `debt snowball`, yachiwiri `debt avalanche`. Mayinawo akunena za chisanu choundana cha kumaiko ozizira, chimene kuno sitichidziwa, ndiye ine ndizitchula kuti "yaing'ono kaye" ndi "yoluma kaye".

## Pamene njira ziwirizi zikufanana

Anthu ambiri amaganiza kuti kusankha njira ndiye kuti ngongole zinazo muzisiya osalipira. Si choncho. M'njira zonse ziwiri, mwezi uliwonse mumayamba mwapereka kwa aliyense wokukongozani kachepetsetsa kamene sangakudzudzuleni nako, kuti pasabwere chindapusa kapena munthu pakhomo. Ndalama yotsala pa zimene munapatulira ngongole simuimwaza, mumaiponya yonse pa ngongole imodzi. Ikatha imeneyo, ndalama imene inkapita kumeneko siibwerera ku ndiwo kapena ku mayunitsi, imapita pa ngongole yotsatira. Ndalama yolipira mwezi ndi mwezi imakhala yomweyo mpaka zonse zitatha.

Kusiyana kuli pa funso limodzi lokha: yotsalayo ikugwera pa ngongole iti? "Yaing'ono kaye" ikuti ndandalikani ngongole kuyambira imene yatsala pang'ono, osayang'ana chiwongoladzanja. "Yoluma kaye" ikuti ndandalikani kuyambira ya peresenti yokwera, osayang'ana kukula kwake.

Mawu awiri tiwamvetse kaye. Thunthu la ngongole ndi ndalama yeniyeni imene munatenga ndipo simunabweze. Chiwongoladzanja ndi lendi ya ndalamayo. Monga mwini nyumba ku Chilomoni amatolera lendi mwezi uliwonse pamene mukugona m'nyumba yake, mwini ndalama amatolera pamene ndalama yake ikugona m'manja mwanu. Kulipira lendi sikugula nyumba, ndipo kulipira chiwongoladzanja chokha sikuchepetsa thunthu ngakhale ndi tambala.

## Telala wa ngongole zitatu

Tiyerekeze mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo ku Limbe. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma aliyense wochita geni mumzinda muno awazindikira.

Ku kagulu ka amayi a kumpingo ali ndi K50,000 pa 5 peresenti pamwezi. Ku banki m'khonde ali ndi K100,000 pa 10 peresenti pamwezi. Kwa wakatapila anatenga K200,000 pa 25 peresenti pamwezi, mwana atadwala. Onse atatu amalola kuti apereke chiwongoladzanja chokha pamwezi, ndipo amachiwerengera pa thunthu lotsala. Mayiyu akadzimana amatha kupatula K120,000 mwezi uliwonse.

Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K2,500 kumpingo, K10,000 kubanki m'khonde, K50,000 kwa wakatapila. Zonse pamodzi K62,500. Pa K120,000 ija patsala K57,500, ndipo mkangano wonse wa ku Ndirande uja unali pa ndalama imeneyi.

Akatsata "yaing'ono kaye", K50,000 ikupita kumpingo, ngongole imodzi yatheratu mwezi woyamba womwewu. K7,500 yotsala ikuluma ya banki m'khonde. Mwezi wachiwiri akupitiriza kubanki m'khonde, wachitatu akuimaliza, nayamba kukhudza thunthu la katapila. Koma taonani, miyezi itatu yonseyi wakatapila wakhala akulandira K50,000 yathunthu mwezi uliwonse, chifukwa K200,000 yake sinakhudzidwe.

Akatsata "yoluma kaye", K57,500 yonse ikupita kwa wakatapila, thunthu likutsika kufika K142,500. Mwezi wachiwiri lendi ya wakatapila yatsika kuchoka pa K50,000 kufika K35,625, ndiye yotsala yoponya pa thunthu yakula. Mwezi wachitatu katapila watha. Wachinayi banki m'khonde yatha, ndipo kumpingo kwatsala kochepa.

Chiwongoladzanja chonse chimene akulipira mwezi ndi mwezi chikuyenda motere:

| Mwezi | Yaing'ono kaye | Yoluma kaye |
|---|---|---|
| 1 | K62,500 | K62,500 |
| 2 | K59,250 | K48,125 |
| 3 | K53,175 | K30,156 |
| 4 | K41,231 | K10,578 |
| 5 | K21,539 | K1,068 |
| Zonse | K237,695 | K152,427 |

Njira zonse ziwiri zikuthera mwezi wachisanu. Koma m'mwezi womalizawo wa "yaing'ono kaye" akutulutsa pafupifupi K108,000, pamene wa "yoluma kaye" akutulutsa K22,000 ndi kakuti. Kusiyana kwake ndi K85,000, ndalama yoposa ngongole yonse ya kumpingo ija.

## Chifukwa chake masamu amakomera yoluma

Palibe matsenga apa. Tengani K1,000 imodzi. Ikakhala kwa wakatapila ikukudyerani K250 pamwezi. Ikakhala kubanki m'khonde ikudya K100. Kumpingo ikudya K50 basi. Mukakhala ndi K1,000 imodzi m'manja yoti mubweze, funso ndi lakuti mukufuna kuzimitsa K250, K100 kapena K50. Kukula kwa ngongole yonse sikulowapo. K1,000 yobwezedwa kwa wakatapila ikupulumutsa K250 kaya ngongoleyo ndi ya K20,000 kapena ya K2 miliyoni.

N'chifukwa chake, ngati zinthu zina zonse zili chimodzimodzi ndipo munthu sakuphonya mwezi, "yoluma kaye" siingakulipitseni zambiri kuposa inzake. Zikafanana kwambiri ndi pamene ngongole yaing'onoyo ndiyonso yoluma. Pamenepo njira ziwirizi zikuloza pamodzimodzi, palibe chokanganirana.

Koma K85,000 ija si lamulo. Yakula choncho chifukwa katapila watalikirana kwambiri ndi anzake. Ndinabwereza masamu omwewo nditasintha chinthu chimodzi: K200,000 ija ikhale pa 12 peresenti m'malo mwa 25. Zonse zinatha m'miyezi inayi, ndipo kusiyana kwa njira ziwiri kunatsika kufika K15,000 yokha. Mapesenti akayandikana, mkanganowu umachepa mphamvu. Akatalikirana, makamaka pamene yoluma ndiyonso yaikulu, kusankha kumakhala ndi mtengo weniweni.

Apa pali chinthu chimene mavidiyo a pa foni satiuza. Malangizowa ambiri amachokera ku Amereka, kumene ngongole za makadi a banki zimayendera 20 peresenti kapena kuposerako pang'ono pachaka. Pachaka, osati pamwezi. Pamwezi sizifika ndi 2 peresenti yomwe. Munthu wa kumeneko akasiya ngongole yoluma kudikira miyezi itatu, wataya zochepa. Telala wa ku Limbe akasiya katapila kudikira miyezi itatu, wapereka K150,000 thunthu lili chiimire.

## Nanga yaing'ono kaye imakondedwa bwanji?

Chifukwa munthu si kakyuleta. Tebulo lija likuganiza kuti mayiyu apereka K120,000 miyezi isanu yotsatizana osagwa ulesi, osagwa maliro, osabwera fizi. Njira yopulumutsa K85,000 pa pepala ikasiyidwa pa mwezi wachiwiri, siinapulumutse kanthu.

Yang'anani nkhani yomweyo ndi maso ena. Wa "yaing'ono kaye" pakutha pa mwezi woyamba watsala ndi anthu awiri omulondola, pakutha pa wachitatu watsala ndi mmodzi. Wa "yoluma kaye" wadzimana miyezi iwiri yathunthu, koma ngongole zikadali zitatu, masiku olipira akadali atatu, ndipo Lamlungu lililonse akukumanabe ndi msungichuma wa kagulu ka kumpingo. Ndaona m'gulu lathu kuti munthu akaona dzina lake litakhwatchidwa m'buku, nkhope imasintha, ndipo mwezi wotsatira amabwera ndi ndalama msanga. Ofufuza awiri a ku yunivesite ya Northwestern ku Amereka anafalitsa zofanana ndi zimenezi mu 2012: pa anthu amene ankayesa kutuluka m'ngongole zambiri, amene anatseka ngongole zochuluka pa chiwerengero ndiwo ankafika kumapeto kawirikawiri, posatengera kukula kwa ngongole zotsekedwazo. Koma kumbukirani kuti amenewo anali anthu a makadi aja, osati a katapila.

Pali phindu linanso losakhudza mtima. Ngongole za ku Sako kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono nthawi zambiri zimakhala ndi gawo loikika, tinene K25,000 mwezi uliwonse, limene silitsika ngakhale mutalipirako zambiri. Ngongole yotere ikatheratu, K25,000 yonse imamasuka, ndipo mwezi woipa ukabwera mumakhala ndi popumira. Kwa munthu amene ndalama zake zimabwera modumphadumpha, monga wakabaza nyengo ya mvula kapena wogulitsa kaunjika belo likatuluka loipa, kuchepetsa magawo okakamizidwa msanga kungamuteteze ku chindapusa, ndipo chindapusacho nthawi zina chimaposa chiwongoladzanja chimene akanapulumutsa.

## Peresenti ya pakamwa si peresenti yeniyeni

Apa ndiye pamene ambiri amagwera, ngakhale amene asankha "yoluma kaye" ndi mtima wonse. Kuti mudziwe yoluma, manambala onse ayenera kuyezedwa ndi muyeso umodzi, ndipo obwereketsa sayankhula chinenero chimodzi.

Wina amatchula pachaka, wina pamwezi, wina pasabata. Banki kapena Sako ikanena 36 peresenti, kawirikawiri ikunena pachaka, ndiye pamwezi ndi 3. Banki m'khonde ikanena 10, ikunena pamwezi, ndiye pachaka ndi 120. Munthu wongomva manambala athamangira 36 n'kusiya 10, atalakwitsa kotheratu. Kangongole kodula 10 peresenti pa masiku 7, mukamakatenganso sabata iliyonse, kakukudyerani kupitirira 40 peresenti pamwezi. Sinthani zonse zikhale za pamwezi musanandandalike.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Obwereketsa ena amawerengera chiwongoladzanja pa thunthu lotsala, ena pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, ngakhale mwabweza kale theka. Tinene mwatenga K100,000 pa 5 peresenti pamwezi kwa miyezi 6. Akawerengera pa yoyambirira, ndi K5,000 kasanu n'kamodzi, K30,000. Akawerengera pa yotsala, inu mukubweza thunthu m'magawo ofanana, chiwongoladzanja chimatsika mwezi ndi mwezi ndipo chonse ndi K17,500. Onse awiri akuti "5 peresenti", koma woyambayo kwenikweni akukudulani pafupifupi 8 peresenti pamwezi pa ndalama imene ilidi m'manja mwanu. Kuzindikira kwake n'kosavuta: onani pepala la magawo. Ngati chiwongoladzanja cha mwezi womaliza chikufanana ndi cha mwezi woyamba, akuwerengera pa yoyambirira.

Ndipo pali funso limodzi loposa onse, loti mufunse wokukongozani aliyense musanamupatse ndalama yowonjezera: "Ndikabweza lero, mundichotsera zingati?" Ngongole zambiri zazing'ono zimakhala ndi ndalama yobweza yoikikiratu. Mwatenga K100,000, mubweza K130,000, kaya mawa kaya pakutha pa miyezi 6. Ngongole za pa foni zambiri zimadula ndalama yake kamodzi pa nthawi yotenga. Pa ngongole yotere, kulipira msanga sikupulumutsa kanthu, chifukwa kuluma kunachitika kale. Ngakhale itakhala yodula kuposa zonse, pa mndandanda wa "yoluma kaye" malo ake ndi kumunsi. Muilipire pa tsiku lake, osaphonya, koma ndalama yowonjezera ipite kumene ikazimitse lendi imene ikuwerengedwabe. Tsiku lake likadutsa n'kuyamba chindapusa, pamenepo yasanduka yoluma, ikwere pamwamba.

Yankho la funso limeneli mulipeze polembedwa ngati n'kotheka. Onetsetsaninso kuti yowonjezera yalembedwa ngati yochepetsa thunthu. Malo ena amailemba ngati gawo la mwezi wamawa lolipiriratu, thunthu n'kukhala lomwelo powerengera chiwongoladzanja.

## Zimene zimadumpha mzere

Njira zonse ziwiri zimayang'ana manambala awiri okha, kukula ndi peresenti. Moyo uli ndi achitatu. Ngati telala uja anapereka mashini ake osokera ngati chikole pa ngongole ina, ndipo tsiku lolanda layandikira, ngongole imeneyo ikhale yoyamba kaya ndi yaing'ono kaya ndi yosaluma. Mashini akapita, K120,000 ya pamwezi yapita nawo.

Banki m'khonde ili ndi tsiku lake logawana, magulu ambiri kumapeto a chaka. Ngongole yosabwezedwa pofika tsikulo imadulidwa ku masheya anu, ndipo ngati masheyawo sakukwana, anzanu ndiwo akuluza, mwina chaka chamawa sakulandiraninso. Komanso chiwongoladzanja chimene mumalipira kugulu chimalowa m'thumba limene mudzagawana, ndiye kagawo kena kamabwerera kwa inu. Cha katapila sichibwerera.

Ngongole za ku banki ndi mabungwe ovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi zili ndi mchira wina: mbiri ya kalipiridwe kanu imatumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, ndipo kuphonya lero kungakutsekereni khomo pamene mudzafune mpamba waukulu. N'chifukwa chake kachepetsetsa ka ngongole iliyonse sikaphonyedwa, mutsate njira iliyonse.

Ndiye pali ngongole ya kwa achimwene kapena alamu, yopanda chiwongoladzanja. Pa masamu ndi yomalizira. Koma amene anakongoza mbale wake kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kulandira ndalama yomweyo patapita chaka, akudziwa kuti analuza ngakhale sananene. Kuika mbale kumapeto n'kololeka, koma muwauze tsiku, ndipo kakang'ono ka mwezi ndi mwezi kazipita kuti aone kuti simunaiwale.

## Wakatapila akakana zapang'onopang'ono

Chitsanzo chathu chinaganiza kuti wakatapila alandira K57,500 n'kuchepetsa thunthu. Ambiri salola. Amati bweretsani yonse K200,000 kamodzi, apo ayi muzingopereka ya pamwezi. Akudziwa chimene akuchita: lendi yake ili pa thunthu.

Zikatero, "yoluma kaye" imasanduka kusonkhanitsa. Mayi uja akulipira K62,500 ya onse atatu, nasunga K57,500 pambali mwezi uliwonse. Mwezi wachinayi yakwana K230,000, akumaliza katapila, koma atamupatsa kale K200,000 ya chiwongoladzanja chokha. Pofika kumapeto kwa ngongole zonse, m'mwezi wachisanu n'chimodzi, chiwongoladzanja chafika pafupifupi K260,000 m'malo mwa K152,000 ija. Akayamba ndi zazing'ono pansi pa lamulo lomweli, chikufika pafupifupi K325,000. Masamu akukomerabe yoluma, koma vuto latsopano labadwa: ndalama yokhala m'nyumba kapena pa foni miyezi inayi imamva kuitana kwa mavuto onse a pamudzi. Amene akudzidziwa kuti sangaisunge, kuiponya pa ngongole yaing'ono kumene singabwererenso kungamuthandize kuposa kuisunga n'kuidya.

Ena amadula njira pobwereka kotsika mtengo kuti atseke kokwera. Magulu ambiri a banki m'khonde amalola munthu kutenga mpaka katatu ka masheya ake. Telala uja atati watenga K200,000 kugulu pa 10 peresenti n'kukatseka katapila tsiku lomwelo, lendi ya ndalamayo ikutsika kuchoka pa K50,000 kufika K20,000 pamwezi. Ngongole yonse ikadali K350,000, siinachepe, yangosamukira kwa mwini nyumba wotchipa. Zimenezi zimagwira pokhapokha ndalamayo ichoke pamsonkhano n'kupita kwa wakatapila osadzera kumsika, ndiponso ngati miyezi yotsala lisanafike tsiku logawana ikukwana kubweza K300,000 imene tsopano ili kugulu. Pa K120,000 pamwezi, kuchotsapo K2,500 ya kumpingo, imeneyo ikufuna miyezi inayi, ndiye gulu logawana mu Disembala silingavomere pempho lotere likabwera mu Okutobala.